Kanenedwe kachifuniro m'Chingerezi: chifukwa chake amalemba *that he go* ndi *if I were*

Lamulo limodzi mwa malamulo oyambirira amene wophunzira Chingerezi amaloweza ndi lakuti mneni wa nthawi yatsopano amalandira *-s* kumapeto ngati mwininkhani ali mmodzi ndipo si woyankhula kapena woyankhulidwa, monga mu *he goes*, *she writes* ndi *the manager signs*. Lamuloli limakhazikika m'mutu kwambiri moti munthu akadzakumana ndi chiganizo chakuti *The board demanded that the manager resign*, maso ake amaima pa *resign* ndipo amaganiza kuti wotayipa anaiwala chilembo. Ena amafika pochikonza, n'kulemba *resigns* kapena *resigned*. Komatu chiganizocho chinali cholondola, ndipo wochikonzayo ndi amene wachisokoneza, chifukwa mneni ameneyu ali m'kanenedwe kena, kamene mabuku a galamala ya Chingerezi amakatcha *subjunctive*, ndipo ife tingakatche kanenedwe kachifuniro.

Woyankhula Chichewa sayenera kuvutika ndi ganizo limene lili pansi pa kanenedweka, popeza chiyankhulo chake chimalionetsa momveka bwino kuposa Chingerezi. Tikanena kuti "amapita", "wapita" kapena "anapita", timakhala tikufotokoza zimene zimachitika kapena zinachitika. Tikanena kuti "apite", mneni watha ndi *-e*, ndipo sitikufotokozanso chochitika ayi, koma tikunena chimene wina akufuna kuti chichitike, chimene mwina chichitika, mwinanso sichichitika. Palibe Mchewa amene angasokoneze "anaumirira kuti mwanayo anapita kusukulu" ndi "anaumirira kuti mwanayo apite kusukulu". Chiganizo choyamba ndi mkangano wa zimene zinachitika, pamene chachiwiri ndi lamulo kapena pempho lamphamvu. Chingerezi chimasiyanitsanso zinthu ziwirizi, kungoti chizindikiro chake n'chaching'ono kwambiri: m'malo mowonjezera kanthu pa mneni, chimachotsa zonse, n'kusiya mneni ali yekhayekha monga momwe amalembedwera mu dikishonale. Ndiye kuti *resign* wa m'chiganizo chija ndi "atule pansi udindo", osati "amatula" kapena "anatula".

Pali malo angapo pamene mneni wosavala kanthuyu amaonekera poyera. Oyamba ndi amene tawaona kale, pamene *-s* akusowa: *I suggest that she apply again*. Ena ndi pa mneni *be*, amene m'ziganizo zofotokoza amasintha kukhala *am*, *is*, *are*, *was* kapena *were*, koma m'kanenedwe kachifuniro sasintha ngakhale pang'ono, kaya mwininkhani ndi ndani: *They insist that I be present*, *We demand that he be present*, *She suggested that the members be present*. Apa m'pamene kanenedweka kamagwira ntchito kwambiri m'makalata a ku ofesi, chifukwa zambiri zimene anthu amapempha zimalembedwa mosatchula wochita, monga mu *The union demanded that the worker be reinstated*, kutanthauza kuti bungwe la ogwira ntchito linalamula kuti munthuyo abwezeretsedwe pa ntchito.

Kukana nakonso kuli ndi njira yake, ndipo ambiri amapunthwa pamenepa. M'chiganizo wamba cha Chingerezi, pofuna kukana timaitana *do*, *does* kapena *did* kuti anyamule *not*. M'kanenedwe kachifuniro wothandizirayu saitanidwa, ndipo *not* amangoima yekha kutsogolo kwa mneni: *The doctor insisted that he not travel*, kapena *We recommend that the money not be released*. Pomva koyamba, *that he not travel* imaoneka ngati chiganizo chothyoka, koma ndi momwe chiyenera kukhalira, ndipo chikufanana ndi "asayende" wathu, amene ndi wosiyana kotheratu ndi "sayenda" kapena "sanayende".

Chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonsezi ndi chakuti mneni ameneyu satsatira nthawi ya mneni wamkulu. Ophunzira amaphunzitsidwa, ndipo n'zoona, kuti pofotokoza zimene wina ananena, aneni amabwerera m'mbuyo: *He says he is tired* imasanduka *He said he was tired*. Koma *They demand that he leave* ikapita ku nthawi yakale imangokhala *They demanded that he leave*. Mneni *leave* sasuntha, ngakhale pempholo linaperekedwa zaka khumi zapitazo, chifukwa kuchokako sikunayikidwe pa nthawi ina iliyonse. Ndi chinthu chofunidwa chabe. Chichewa chimachitanso chimodzimodzi, pakuti timati "akufuna kuti achoke" ndiponso "anafuna kuti achoke", ndipo "achoke" amakhala yemweyo m'ziganizo zonse ziwiri.

Chimene chimachititsa kuti anthu ambiri akule osadziwa za kanenedweka n'chakuti nthawi zambiri kamabisala. Mu *I suggest that they leave early*, mneni *leave* akanakhala yemweyo ngakhale chiganizocho chikanakhala chofotokoza wamba, popeza *they* satenga *-s*. Chimodzimodzinso ndi *I*, *we* ndi *you*. Munthu akhoza kulemba ziganizo zoterezi molondola kwa zaka zambiri osazindikira kuti pali lamulo lina limene likugwira ntchito, mpaka tsiku limene mwininkhani akhala *he* kapena *the treasurer*, kapena mneni akhala *be*. Choncho amene akufuna kudziyesa ngati wamvetsa, asinthe mwininkhani akhale mmodzi, kenako aone ngati dzanja lake likufuna kuwonjezera *-s*.

Tsopano tione pamene nkhaniyi imaposa kukongola kwa kalembedwe n'kufika pa tanthauzo lenileni. Tiyerekeze kuti komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina yakumana chifukwa pali mphekesera zakuti ndalama za chitukuko zimasungidwa kunyumba kwa msungichuma. Mlembi akulemba maminitsi m'Chingerezi, ndipo walemba kuti *The chairman insisted that the treasurer keeps the money in the bank*. Mwezi wotsatira maminitsiwo akuwerengedwa, ndipo pabuka mkangano. Ena akuti wapampando anateteza msungichuma, anatsimikiza kuti ndalamazo zimasungidwadi kubanki ndipo mphekeserazo n'zabodza. Ena akuti ayi, wapampando anamulamula kuti azisunga ndalamazo kubanki, zimene zikusonyeza kuti sankatero. Malinga ndi kalembedwe kosamala, *keeps* akugwirizana ndi gulu loyambalo, chifukwa ndi mneni wofotokoza. Ngati wapampando analamula, mlembi anayenera kulemba *insisted that the treasurer keep the money in the bank*. Chilembo chimodzi ndi chimene chikulekanitsa umboni woyeretsa munthu ndi lamulo lomudzudzula, ndipo ngati ndalama zitasowa n'kufika pofufuzidwa, maminitsi amenewa ndi amene angawerengedwe kuti aone zimene wapampando ankadziwa.

Zili choncho chifukwa *insist* ali ndi matanthauzo awiri. Akhoza kutanthauza kulimbikira kunena kuti chinthu n'choona, ndipo pamenepa mneni wotsatira amakhala wamba, wokhala ndi nthawi yake: *He insisted that he was innocent*. Akhozanso kutanthauza kukakamiza kuti chinthu chichitike, ndipo pamenepa m'pamene kanenedwe kachifuniro kamalowa: *He insisted that he be heard*. Mneni *suggest* alinso ndi nkhope ziwiri. Mu *The audit suggests that the cashier was careless*, kafukufuku wa ndalamayo akusonyeza zimene zikuoneka kuti zinachitika, ndipo kulemba *be* pamenepa kungakhale kulakwa. Mu *The auditor suggests that the cashier be transferred*, wofufuzayo akupereka maganizo a zoyenera kuchita. Tibwererenso kwa mlembi wathu uja: akalemba kuti *A member suggested that the treasurer was removed*, wowerenga wa mawa akhoza kumva kuti membala wina ananena mwapatalipatali kuti msungichuma anachotsedwa kale, pamene chimene chinachitika n'chakuti membalayo anapereka ganizo lakuti achotsedwe, *that the treasurer be removed*, ganizo limene mwina komiti inalikana. Mneni *demand* alibe vutoli, popeza munthu sangalamule chinthu ngati umboni. Nthambi ya *that* yotsatira *demand* nthawi zonse imanena chofunidwa.

Njira yachidule yodziwira mbali imene chiganizo chili ndiyo kuchinena m'Chichewa chamumtima musanalembe. Ngati mneni wa nthambi yachiwiri watuluka ndi *-e*, monga "achotsedwe", "asunge", "amvedwe", kapena ndi *-zi-* monga mu "azisunga", ndiye kuti m'Chingerezi mukufunika mneni wosavala kanthu. Ngati watuluka ndi nthawi yake, monga "anachotsedwa" kapena "amasunga", ndiye kuti mukufunika mneni wamba. Njirayi ili ndi malire amene tiyenera kuwadziwa, chifukwa Chichewa chimagwiritsa ntchito *-e* m'malo ambiri kuposa momwe Chingerezi chimagwiritsira ntchito kanenedwe kake kachifuniro. "Ndikufuna kuti apite" ndi *I want him to go*, ndipo *I want that he go* si Chingerezi chabwino. "Anamuuza kuti apite" ndi *She told him to go*. "Akulimbikira kuti akhoze mayeso" ndi *He is working hard so that he can pass*. Choncho kuyesa ndi Chichewa kumathandiza pokhapokha mutadziwa kale kuti mneni wamkuluyo ndi wa gulu limene limatsatidwa ndi *that* wa chifuniro. M'gululi muli *suggest*, *demand*, *insist*, *recommend*, *propose*, *request*, *require*, *urge*, *ask* ndi *move* wa pamsonkhano, monga mu *I move that the meeting be adjourned*. Mayina ochokera ku aneniwa amachitanso zomwezo, monga mu *the recommendation that he be suspended*, pamodzi ndi afotokozi onena za kufunika kwa chinthu, monga mu *It is essential that every candidate bring a pen*.

Pali kulakwitsa kwina kumene kumabwera pothawa nthambi ya *that*. Poona kuti *told him to go* ndi *advised him to go* n'zolondola, munthu amaganiza kuti *suggested him to go* ndi *demanded him to go* ziyeneranso kukhala zolondola, koma Chingerezi chovomerezeka sichilola zimenezi. Mneni *suggest* amatsatidwa ndi *that* kapena ndi mneni wa *-ing*, monga mu *She suggested postponing the meeting*. Mneni *insist* amafuna *on* akamatsatidwa ndi *-ing*, monga mu *He insisted on paying*, osati *insisted to pay*. Mneni *demand* amalola *to* pokhapokha wolamulayo ndi yemwenso achite chinthucho, monga mu *She demanded to see the receipt*. Ngati wochita ndi wina, tibwerera ku *demanded that he show the receipt*.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji m'mabuku ndi m'nyuzi zina timawerenga *demanded that he should resign*? Funsoli lili ndi yankho la mbiri. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 900 zapitazo, kanenedwe kachifuniro kanali ndi mathero akeake, *-e* kwa mmodzi ndi *-en* kwa ambiri. Mathero amenewa anafooka m'katchulidwe mpaka kutheratu, ndipo ntchito yake yambiri inatengedwa ndi aneni othandizira monga *should*, *may* ndi *might*. Pofika mu 1926, H. W. Fowler, m'buku lake lotchuka la kagwiritsidwe ntchito ka Chingerezi, anaona kanenedweka ngati chinthu chimene chinali kufa, kupatula m'malo ochepa. Koma ku Amereka mneni wosavala kanthu pambuyo pa *demand* ndi anzake anakhazikika kukhala njira yozolowereka, ndipo m'zaka za m'ma 1900 njirayi inayambanso kukula ku Britain, makamaka m'zolemba za malamulo, za boma ndi za nyuzi. Lero ku Britain mumapezeka njira zitatu: *that he resign*, *that he should resign*, ndi *that he resigns* kapena *resigned*, imene imamveka kwambiri m'kuyankhula ndi m'zolemba zosakhwima. Kwa owerenga ambiri a ku Amereka njira yachitatuyi imamveka yolakwika.

Chingerezi chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe chinachokera ku mwambo wa ku Britain, n'chifukwa chake *should* samveka wachilendo kwa ife, ndipo palibe cholakwika pomugwiritsa ntchito. Maganizo anga ndi akuti m'kalata ya ntchito, m'lipoti, m'maminitsi ndi m'zolemba za kuyunivesite, munthu asankhe pakati pa njira ziwiri zoyambazo, n'kuisiya yachitatu. Chifukwa chake si chakuti Angerezi saigwiritsa ntchito, pakuti amaigwiritsadi ntchito, koma n'chakuti ndi yokhayo imene imatsegula khomo la matanthauzo awiri, monga tinaonera kwa wapampando ndi msungichuma. Mwa ziwiri zotsalazo, *should* amathandiza pamene *not* woima yekha angadabwitse owerenga anu, popeza *that he should not travel* imalowa m'khutu mosavuta, pamene mneni wosavala kanthu ndi wachidule ndipo amalandiridwa kulikonse kumene Chingerezi chimawerengedwa. Chofunika n'chakuti chikalata chimodzi chisamasinthesinthe njira popanda chifukwa.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi *were*, ndipo ngakhale mabuku ambiri amaiyika pansi pa dzina limodzi ndi yoyambayo, ntchito yake ndi yosiyana. Kanenedwe kamene takambirana kamanena chofunidwa chimene chingathe kuchitika, pamene *were* amanena chinthu chongoyerekeza, chimene woyankhulayo akudziwa kuti sichili choncho kapena akuchiona kuti chili patali. N'chifukwa chake Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'galamala yawo yaikulu ya mu 2002, anamupatula *were* ameneyu n'kumupatsa dzina lakelake losonyeza kuti ndi wa zinthu zosakhala zenizeni. Mawonekedwe ake ndi akuti *were* amabwera pamene tikanayembekezera *was*, ndiko kuti ndi *I*, *he*, *she*, *it* ndi dzina la chinthu chimodzi: *If I were the head teacher, I would change the timetable*. Woyankhulayo si mphunzitsi wamkulu, ndipo *were* akulengeza zimenezo. Ndi *you*, *we* ndi *they* palibe chooneka, chifukwa amenewa amatenga *were* nthawi zonse.

Chimene chiyenera kumveka bwino n'chakuti *were* ameneyu, ngakhale amaoneka ngati wa nthawi yakale, sakunena za kale. Akunena za lero kapena za m'tsogolo. Chingerezi chimagwiritsa ntchito maonekedwe a nthawi yakale posonyeza kutalikirana ndi zenizeni, monga mu *If I had a car, I would drive you*, pamene *had* akutanthauza kuti galimotoyo ndilibe panopa. Aneni ena onse amangobwereka maonekedwe a nthawi yakale, ndipo *be* yekha ndi amene anasunga mawu apadera a ntchitoyi kuchokera ku Chingerezi chakale chija. Apa Chichewa chikhoza kutisocheretsa pang'ono. Ife timati "akanakhala pano lero, bwenzi akutithandiza" ndiponso "akanakhala pano dzulo, akanatithandiza", ndipo "akanakhala" ndi yemweyo. Chingerezi chimalekanitsa ziwirizi: za lero ndi *If she were here, she would help us*, pamene za dzulo ndi *If she had been here yesterday, she would have helped us*. Kulemba *If she were here yesterday, she would have helped us* n'kusakaniza nthawi ziwiri, ndipo kumachitika kawirikawiri kwa amene akumasulira "akanakhala" m'mutu osayamba adzifunsa kuti akunena za liti.

Kupatula pambuyo pa *if*, *were* amapezekanso pambuyo pa *wish*, *as if*, *as though*, *if only* ndi *suppose*. Mu *I wish my father were alive*, bambowo anamwalira, ndipo woyankhulayo akungolakalaka. Mu *He speaks as if he were the owner*, munthuyo si mwini wake. M'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku, Angerezi ndi Aamereka ambiri amanena *If I was rich* ndi *I wish he was here*, ndipo akatswiri a galamala a masiku ano amavomereza kuti izi ndi Chingerezi chenicheni cha macheza. Koma m'zolemba zaulemu *were* ndi amene amayembekezeka, ndipo pali malo ena pamene *was* saloledwa n'komwe. Mawu akuti *as it were* sasintha. Mawu opereka malangizo akuti *if I were you* anakhazikika motero, mofanana ndi "ndikanakhala inu" wathu. Malo ofunika kwambiri ndi pamene *if* wachotsedwa ndipo mneni wadza patsogolo, monga mu *Were the company to close, two hundred workers would lose their jobs*, kapena *Were it not for the rains, the road would be open*. Pamenepa kuyamba ndi *Was* kungasandutse chiganizocho kukhala ngati funso. Kalembedwe kameneka kamapezeka kwambiri m'zigamulo za makhoti, m'mapangano ndi m'malipoti.

Mawu akuti *were to* ayenera kuwonedwa paokha, chifukwa ndi chida cha ulemu ndi kusamala. Amanena za m'tsogolo, za chinthu chimene chingatheke koma chimene wolembayo sakufuna kuoneka ngati akuchiyembekezera. Yerekezani *If the donor withdraws, the project will stop* ndi *If the donor were to withdraw, the project would stop*. Choyamba chikufanana ndi "wopereka thandizo akasiya, ntchito iima", ndipo chikumveka ngati kusiyako kuli pafupi. Chachiwiri chikufanana ndi "atati asiye, ntchito ingaime", ndipo chikungoyeza zotsatira popanda kulosera. Wolemba lipoti lopita kwa wopereka thandizo yemweyo angachite bwino kusankha chachiwiri. Onaninso kuti mbali ziwiri za chiganizo zimayendera limodzi: *withdraws* amayenda ndi *will*, pamene *were* amayenda ndi *would*, *could* kapena *might*. Kuona mneni wa mbali inayo ndi njira yodalirika yodziwira ngati *were* ali pamalo pake.

Vuto limene ndimaliona mwa olemba amene aphunzira kale za *were* ndi lomukonda mopitirira, mpaka kumuika paliponse pamene pali *if*, poganiza kuti *was* ndi wa anthu osaphunzira. Si *if* aliyense amene amayerekeza zosakhalapo. Nthawi zina wolembayo sakudziwa chabe zimene zinachitika, ndipo akusiya khomo lotseguka. Tibwerere ku sukulu ija komaliza. Komiti ikufuna kudziwa ngati msungichuma anali mu ofesi Lachisanu, tsiku limene risiti ina inasainidwa. Mlembi akalemba kuti *If the treasurer was in the office on Friday, he saw the receipt*, walemba bwino, chifukwa mwina analimo, mwina munalibe, ndipo komiti ikufufuzabe. M'Chichewa tikanati "ngati anali mu ofesi Lachisanu, ndiye kuti risitiyo anaiona". Kuika *were* pamenepa kungakhale kulakwa, ndipo mbali inayo ikutitsimikizira, popeza muli *saw* osati *would*. Koma mlembi akalemba kuti *If the treasurer were honest, he would show us the books*, ndiye kuti wagamula kale mlandu, pakuti *were* akunena kuti msungichumayo si wokhulupirika, monganso "akanakhala wokhulupirika" amanenera m'Chichewa. Mawu oterewa akhoza kulembedwa ngati ndi zimene membala wina anayankhula, koma asalowe m'maminitsi ngati maganizo a komiti pamene kafukufuku sanathe.

Malo ena pamene *were* amalowerera molakwika ndi m'mafunso ofotokozedwa, pamene *if* akutanthauza *whether*. Mu *The chairman asked if the treasurer was present*, palibe choyerekeza chilichonse, wapampando anangofunsa kuti "kodi alipo?", ndipo *was* ndi *is* amene wabwerera m'mbuyo potsatira *asked*. Poyesa, ikani *whether* m'malo mwa *if*, ndipo ngati chiganizocho chikumvekabe bwino, lembani *was*. Choncho ndime ya maminitsi a komiti ija, italembedwa mosamala, ingathe kukhala ndi mitundu yonse itatu motsatizana popanda kutsutsana: *The chairman asked if the treasurer was present. A member proposed that he be given seven days to produce the bank statements, and added that, were he to refuse, the committee would report the matter.* Mneni *was* akunena za funso limene linafunsidwadi, *be given* akunena zimene membalayo anafuna kuti zichitike, ndipo *were he to refuse* akunena za kukana kumene sikunachitike ndipo komiti sikufuna kuoneka ngati ikukuyembekezera.